Kufananiza kayendedwe ka magemu a dziko lotseguka ndi a njira imodzi m'chimangirizo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa mobwerezabwereza ndi ophunzira komanso anthu amene akuyamba kulemba zounika magemu a pakanema. Zitsanzo zambiri zachokera m'magemu awiri: The Last of Us ya kampani ya Naughty Dog, yomwe inatuluka mu 2013, ndi The Witcher 3: Wild Hunt ya CD Projekt Red, ya mu 2015. Ngati simunawasewere, dziwani kuti mayankho ena akuulula zimene zimachitika m'nkhani zake.

Kodi kayendedwe ka gemu ndi chiyani? Si kungonena kuti gemu ikuthamanga kapena ikuchedwa?

Ayi. Kayendedwe ndi mmene gemu imasinthanitsira nthawi zothina ndi zopumira, utali wa nthawi iliyonse, ndi ndondomeko imene nthawizo zimatsatizana. Pali zinthu zitatu zimene zimakwera ndi kutsika: ngozi imene wosewera alimo, ntchito imene zala zake zikugwira, ndi kuchuluka kwa zatsopano zimene akumva za nkhaniyo. Zitatuzi siziyendera limodzi nthawi zonse. Wosewera akhoza kumayenda pang'onopang'ono m'chipinda chamdima, osawombera chilichonse, mtima uli m'mwamba. Akhozanso kupha adani 40 motsatizana akuyasamula, chifukwa palibe chimene chasintha kuyambira pa mdani wachisanu.

Choncho chimangirizo chimene chimangoti "gemu iyi ndi yothamanga, iyi ndi yochedwa" sichinayambe ntchito. Muyenera kuonetsa chimene chikukwera, chimene chikutsika, pamalo pati, ndiponso amene wachititsa zimenezo.

Ndiye kusiyana kwenikweni kwa mitundu iwiriyi kuli pati?

Kuli pa funso lakuti ndani wagwira nthawi. M'gemu ya njira imodzi, okonza amadziwa chimene mwaona mphindi zisanu zapitazo ndi chimene muone mphindi zisanu zikubwerazi. Ali ngati wokamba nthano amene amadziwa pamene aike nyimbo, chifukwa omvera onse ali pamalo amodzi m'nthanomo. Akatseka chitseko kumbuyo kwanu, simubwereranso.

M'gemu ya dziko lotseguka, okonza sadziwa kumene mwachokera. Mwina mwangomaliza nkhondo yaikulu, mwina mwatha ola lathunthu mukutola zitsamba. Izi sizitanthauza kuti iwo ataya mphamvu zonse. Amalamulira kayendedwe ndi zida zina: mtunda wa pakati pa malo awiri, zimene maso amaona mukaima pachitunda, zizindikiro za pamapu, mphamvu za adani a m'dera lakutilakuti, ndi nkhani imene amaibisa mpaka mutagwira ntchito ina. Chimangirizo chabwino chimafananiza zida zimenezi ndi zida za njira imodzi. Chimangirizo chofooka chimati m'dziko lotseguka mulibe kayendedwe, kapena chimaweruza gemu yotseguka ndi muyezo wa filimu.

Ndisankhe magemu ati oti ndifananize?

Awiri okha, ndipo akhale ndi kanthu kofanana kupatula mpangidwe wa dziko lawo. The Last of Us ndi The Witcher 3 amagwirizana bwino chifukwa onse akukamba za bambo wamkulu ndi mtsikana amene si mwana wake womubereka: Joel akuperekeza Ellie kudutsa dziko la America, ndipo Geralt akufunafuna Ciri amene akusakidwa. Nkhani ikafanana chonchi, kusiyana kumene mukupeza kumakhala kochokera ku kamangidwe ka gemu. Mukafananiza gemu ya mpikisano wa magalimoto ndi gemu yoopseza, chilichonse n'chosiyana, ndipo simungathe kunena chimene chabweretsa kusiyanako.

Gemu imodzi imatha m'maola pafupifupi 15, inayo imapitirira 50. Zingafananizike bwanji?

Musafananize magemu athunthu. Dulani chigawo m'gemu iliyonse chimene chili ndi chiyambi, pachimake ndi mathero ake, ndipo fotokozani m'chimangirizo chifukwa chimene mwadulira pamenepo. Mu The Last of Us ntchitoyi ndi yosavuta, chifukwa nkhani inagawidwa kale m'nyengo zinayi zolembedwa pasikirini: Summer, Fall, Winter ndi Spring. Mu The Witcher 3 mukhoza kutenga dera la Velen, makamaka mishoni ya Family Matters ndi zina zolumikizana nayo.

Chenjerani ndi msampha umodzi. Mukatenga mishoni imodzi ya m'dziko lotseguka n'kuichotsa pakati pa zoizungulira, mumakhala mukufananiza njira imodzi ndi njira imodzi inzake, chifukwa mkati mwa mishoni zambiri zotere wosewera amatsogozedwa ndithu. Red Dead Redemption 2, ya Rockstar ya mu 2018, imaonetsa izi poyera: kunja kwa mishoni mumapita kulikonse, koma mkati mwake mukapatuka pang'ono panjira imene okonza anakonza, mishoni imalephereka. Chigawo chanu chikhale ndi ulendo wopita kumishoni, zokopa za m'njira, ndi mpata wa pakati pa mishoni ziwiri. Kayendedwe ka dziko lotseguka kamakhala m'mipata imeneyo.

Umboni ndiutole bwanji?

Jambulani kasewero kanu. Makina a PlayStation ndi Xbox a masiku ano amatha kujambula okha, ndipo pakompyuta pulogalamu yaulere ya OBS Studio imagwira ntchitoyi. Musamalembe notsi uku mukusewera, chifukwa kuimitsa gemu mphindi zisanu zilizonse kumaononga chinthu chimene mukufuna kuyeza. Sewerani kaye, mukangomaliza lembani mizere ingapo ya mmene munamvera, kenako onerani kanemayo muli ndi pepala.

Papepalapo lembani mzere watsopano nthawi iliyonse imene ntchito ya wosewera yasintha. Mzere uliwonse ukhale ndi zinthu zinayi: nthawi imene yayambira, mtundu wa ntchito, kuthina kwake pa muyezo wa 1 mpaka 5, ndi amene anayambitsa kusinthako, gemu kapena inuyo. Mitundu ya ntchito isapitirire isanu ndi umodzi, mwachitsanzo kumenyana, kuzemba, kuyenda, kufufuza, kukambirana kapena kuonera kakanema, ndi kukhala m'menyu. Ikachuluka kuposa apa, mumatha nthawi mukusankha dzina la ntchito m'malo moona mmene zikutsatizirana.

Danga lachinayilo ndilo lofunika kwambiri pa chimangirizo chamtundu uwu. Tiyerekeze kuti mu ola limodzi la gemu ya njira imodzi mwalemba kusintha 14, ndipo 12 mwa kusinthako kunayambitsidwa ndi gemu. Mu ola limodzi la gemu yotseguka mwalemba kusintha 20, ndipo 13 munayambitsa nokha. Manambala awa ndi ongoyerekeza, koma akuonetsa chimene pepala lanu lingakupatseni: chiganizo chakuti "wosewera ndiye wagwira nthawi" chimasanduka chinthu chimene wowerenga angathe kuchiona. Manambala a kuthina ndi maganizo anu, osati muyezo wa sayansi, ndipo muzinena choncho.

Lembaninso pamene munafa ndi kangati. Malo amene okonza anawakonzera mphindi zitatu akhoza kukutengerani mphindi 25 ngati munafa kasanu ndi kawiri, ndipo mantha a ulendo woyamba amasanduka mkwiyo pofika ulendo wachinayi.

Tionetseni chitsanzo: kodi gemu ya njira imodzi imagwira bwanji nthawi?

Tengani malire a Fall, Winter ndi Spring mu The Last of Us. Fall imathera payunivesite ku Colorado, pamene Joel wagwa kuchokera pamwamba n'kubayidwa ndi chitsulo, kenako wagwa pahatchi. Gemu imadula pomwepo. Winter imayamba ndi kalulu m'chipale chofewa akulasidwa ndi muvi, ndipo tsopano mukusewera ngati Ellie, mukulondola gwape m'nkhalango yachete. Zala zikugwira ntchito yochepa, ngozi palibe, koma funso lakuti Joel ali moyo kapena ayi silikuyankhidwa. Apa zinthu zitatu za m'yankho loyamba zapatukana: ngozi yatsika, ntchito yatsika, koma njala ya nkhani ili pamwamba. Wosewera sangathamangire kwina kukafufuza yankho, chifukwa kwina kulibe.

Kuchokera apo zinthu zimakwera ndi masitepe. Ellie akumana ndi bambo wachilendo wotchedwa David, awiriwa athandizana kumenyana ndi anthu odwala matenda owasandutsa zilombo, ndipo atakhala pamoto David aulula kuti akudziwa amene anapha anthu ake. Pambuyo pake gemu imasinthanitsa Ellie ndi Joel, kudula aliyense pamene zafika povuta, mpaka nkhondo ya m'nyumba yodyeramo imene ikuyaka moto.

Chimene chiyenera kukhala pamtima pa ndime yanu ndi chiyambi cha Spring ku Salt Lake City. Kwa maola ambiri gemu yakuphunzitsani kachitidwe kamodzi: Joel amaima pakhoma, mumadina batani, Ellie amabwera kudzakwezedwa. Pano mumadina, Joel aima, koma Ellie sabwera. Wakhala pansi, maganizo ali kutali. Masekondi ochepa odikirawo amanena zimene Winter yamuchita popanda mawu ambiri, ndipo amagwira ntchito chifukwa okonza anadziwa motsimikiza kuti wosewera aliyense wangochoka m'moto uja. Kenako pamabwera akadyansonga, ndipo padenga paja gemu sikukankhani. Mukhoza kuima n'kumawaonera mpaka mutakhuta. Mukatsika, kutsogolo kuli ngalande yodzaza adani ndi chipatala. Onani kuti ngakhale gemu ya njira imodzi imabwezera nthawi kwa wosewera, koma pamalo amodzi amene okonza asankha.

Nanga dziko lotseguka limachita bwanji zofananazo?

Ku Velen, munthu wotchedwa Bloody Baron anamuona Ciri, koma sanena zonse mpaka Geralt atamupezera mkazi wake Anna ndi mwana wake Tamara. Nkhani ya Ciri imaperekedwa zidutswazidutswa, ngati malipiro a ntchito, ndipo zidutswazo mumazisewera ngati Ciri mwini wake m'tizigawo tafupi ta njira imodzi. Ichi ndi chida choyamba: okonza sangalamulire wotchi yanu, koma akhoza kutsekera nkhani.

Chida chachiwiri ndi kusintha kakomedwe mkati mwa mishoni. Geralt akafufuza zipinda za ku Crow's Perch, linga la Baron, n'kupeza zizindikiro za ndewu, amapita kwa sing'anga wa m'nkhalango, amene sathandiza mpaka mbuzi yake yotayika, Princess, itapezeka. Mumaitsogolera ndi belu. Kanthawi koseketsaka kanaikidwa patsogolo penipeni pa gawo lolemera kwambiri, lokhudza mwana amene anapita padera chifukwa cha nkhanza za m'banja. Ntchito ya mbuziyi ikufanana ndi ya akadyansonga, kungoti iyo ikubwera chimphepo chisanafike, pamene akadyansonga akubwera pakati pa zimphepo ziwiri.

Chida chachitatu ndi kulukana kwa mishoni. Family Matters imafika poima, ndipo siingathe mpaka mutatsata njira ina, ya mkazi wamatsenga Keira Metz ndi mishoni ya Ladies of the Wood kudambo la Crookback Bog. Mathero enieni a banja la Baron ali mu mishoni ya pambali, Return to Crookback Bog, imene wosewera akhoza kuisiya osaichita.

Malire a zida zimenezi ndi amene chimangirizo chanu chiyenera kuwaonetsa. Pakati pa magawo a nkhaniyi pali maulendo a pahatchi, mabolodi a zidziwitso m'midzi, zizindikiro za funso pamapu, ndi masewera a makhadi a Gwent. Wosewera wina amamva nkhani ya Baron usiku umodzi, wina amaimwaza m'masabata awiri ndipo amafika kudambo ataiwala dzina la Anna. Chete wa Ellie pakhoma paja sangatheke pano, chifukwa okonza sadziwa chimene chili m'mtima mwanu pofika. Komabe Velen ili ndi chimene The Last of Us ilibe. Mukachoka kwa Baron mutasweka mtima, mumasankha nokha utali wa mpumulo, ndipo midzi yowotchedwa ndi anthu opachikidwa m'mitengo amene mumadutsa amapitiriza nkhani ya nkhondo ngakhale palibe mishoni imene ikuyenda.

Aliyense amati: "Ciri ali pangozi koma Geralt akusewera makhadi." Ndiigwiritse ntchito mfundo imeneyi?

Ndi yoona, koma yanenedwa kwambiri, ndipo payokha siikwana chimangirizo. Nkhani yakuti zimene gemu ikunena zimatsutsana ndi zimene ikukulolani kuchita inatchuka pamene wokonza magemu Clint Hocking analemba za gemu ya BioShock mu 2007. Ngati muitenga, ipititseni patsogolo. Funsani ngati gemu ili ndi wotchi yeniyeni kapena changu cha pakamwa chabe. Mu The Witcher 3, Ciri sagwidwa chifukwa chakuti mwachedwa. Koma pali khomo limodzi lenileni: musanapite kuchilumba cha Isle of Mists gemu imakuchenjezani, ndipo mishoni zina za pambali zimalephereka mukadutsa musanazimalize. Pamenepo changu cha nkhani ndi malamulo a gemu zimakumana.

Fananizani ndi The Legend of Zelda: Breath of the Wild, ya Nintendo ya mu 2017. Mukachoka pa Great Plateau, dera loyambira, mukhoza kulunjika kwa Ganon, mdani wamkulu, nthawi yomweyo. Palibe chokuletsani kupatula kufooka kwanu, choncho kuyendayenda kumakhala kukonzekera nkhondo, osati kuthawa ntchito. Mbali yaikulu ya nkhani inachitika zaka 100 zapitazo ndipo imapezeka m'zikumbutso zimene zingatoledwe m'ndondomeko iliyonse. Okonza anachepetsa vutoli posamutsira nkhani kumbuyo. Mtengo wake ndi wakuti nkhani ya nthawi ino ilibe masitepe okwera ngati a Winter.

Ngati kayendedwe kamadalira wosewera, kodi chimangirizo changa sichikungonena za ine?

Chikhoza kutero mukapanda kusamala. Chitani zinthu ziwiri. Choyamba, nenani m'ndime imodzi mmene munasewerera: mulingo wa kuvuta, ngati munkadumpha maulendo ndi zikwangwani za m'njira, ngati zizindikiro za pamapu zinali zoyatsa (The Witcher 3 imalola kuzimitsa zizindikiro za funso zija), ndi utali wa nthawi imene munkakhala pansi kamodzi. Amene amasewera mphindi 40 magetsi n'kuzima sakumana ndi Winter yofanana ndi ya amene waimaliza ulendo umodzi.

Chachiwiri, sewerani chigawo cha dziko lotseguka kawiri: koyamba kulunjika mishoni yokha, kachiwiri kutsata chilichonse chokopa. Zimene sizinasinthe m'maulendo awiriwo ndi ntchito ya okonza. Zimene zasintha ndi zanu, koma kukula kwa kusinthako ndi umboninso, chifukwa okonza ndiwo analola mpata umenewo.

Ndingadziwe bwanji kuti malo ochedwa ndi mpumulo wabwino kapena ndi kungotalikitsa gemu?

Chotsani malowo m'maganizo n'kuona chimene chatayika. Mukachotsa kulondola gwape, funso la Joel limayankhidwa msanga ndipo wosewera saphunzira kuti Ellie tsopano akudzidalira. Ndiye kuti malowo ali ndi ntchito. Mukachotsa ulendo wachisanu wokatenga katundu woyandama m'nyanja ya Skellige, palibe chimene chasintha kupatula ndalama za m'thumba la Geralt.

Pepala lanu limaonetsanso izi. Kutalikitsa kumaoneka ngati mizere yobwerezabwereza ya ntchito imodzi, nambala ya kuthina yosasuntha, popanda nkhani yatsopano. Ndipo musaganize kuti matendawa ndi a dziko lotseguka lokha. The Last of Us imabwereza kangapo ntchito yofunafuna thabwa loyandama loti Ellie awolokerepo, poti satha kusambira, ndipo funso lomweli liyenera kufunsidwa pamenepo.

Chimangirizocho ndichiyale bwanji?

Yalani ndi mfundo, osati ndi gemu. Mukalemba theka loyamba za The Last of Us ndi theka lachiwiri za The Witcher 3, mwalemba ziunikiro ziwiri zomatidwa, ndipo ntchito yofananiza mwaisiyira wowerenga. Pa chimangirizo cha mawu 1500 mpaka 2000, mfundo zitatu ndi zokwanira, mwachitsanzo mmene gemu iliyonse imabisira nkhani, mmene imaperekera mpumulo, ndi zimene zimachitika wosewera akachedwa. Pansi pa mfundo iliyonse ikani magemu onse awiri, iliyonse ndi malo amodzi ofotokozedwa mwatsatanetsatane.

Chiyambi chikhale ndi chiganizo chimene munthu wina angatsutse. "Mitundu yonse iwiri ili ndi ubwino ndi kuipa kwake" palibe angatsutse, choncho sichinena kanthu. Yesani chonga ichi: "The Last of Us imapanga mpumulo kukhala chochitika chimene wosewera aliyense amalandira pa nthawi yofanana, pamene The Witcher 3 imaupanga kukhala chosankha, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya Baron imalimba mkati mwa mishoni koma imamasuka pakati pa mishoni." Pofotokoza malo a m'gemu, lembani zimene wosewera akuchita ndi zala zake, osati nkhani yokha. Kufotokozanso nkhani kusadye gawo loposa limodzi mwa magawo asanu a chimangirizo.

Nanga magemu amene ali pakati, osatseguka kwenikweni komanso osati njira imodzi?

Ndi othandiza kwambiri pa ndime yoyankha otsutsa. The Last of Us Part II, ya mu 2020, imatsegula dera lalikulu la mzinda wa Seattle kwa kanthawi kenako n'kubwerera m'njira yopapatiza. Red Dead Redemption 2 imachita zosiyana: imayamba ndi chaputala chotsekeka m'chipale chofewa ku Colter isanakumasuleni. M'magemu otere mukhoza kufananiza mitundu iwiriyi mkati mwa gemu imodzi, okonza ndi anthu a m'nkhani ali omwewo. Njira ya pepala ija imagwira ntchito chimodzimodzi. Yang'anani pamene danga lachinayi likusintha kuchoka kwa gemu kupita kwa inu.

Ndilibe makina osewerera. Kodi kuonera ena akusewera pa YouTube n'kokwanira?

Kumathandiza potsimikizira ndondomeko ya zochitika ndi mawu enieni a m'gemu, makamaka ya njira imodzi. Sankhani kanema wosadulidwa komanso wopanda wolankhula, chifukwa ambiri amachotsa malo amene anafa, maulendo ataliatali ndi nthawi ya m'menyu, zomwe ndi zinthu zimene mukuyeza. Pa dziko lotseguka onerani osewera awiri kapena atatu pa chigawo chomwecho, kuti mupeze kusiyana kumene mukanakupeza posewera kawiri. Nambala ya kuthina musailembe, popeza ngozi sinali m'manja mwanu, ndipo nenani m'ndime ya kasewero ija kuti umboni wanu wachokera m'makanema a ena.